Machaputala pa vidiyo yaitali: zomwe ndaphunzira pokonza vidiyo ya masamu

Masiku ano ndikuthandiza aphunzitsi ena a kuno ku Lusaka, a ku Chilenje, amene amaika mavidiyo a masamu a giredi 12 pa YouTube, akuyankha mapepala akale a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso kuno ku Zambia. Vidiyo imodzi imapitirira ola lathunthu, ndiye mwana wasukulu amene wagula bando yaing'ono sangaonere yonse, iye akufuna funso limodzi chabe lomwe lamuvuta. Ndi chifukwa chake ndakhala ndikuphunzira za machaputala, kuja mzere wa pansi pa vidiyo umaduka magawomagawo, gawo lililonse ndi dzina lake.

Kapangidwe kake nkosavuta. Umalowa mu YouTube Studio, kutsegula vidiyo, ndipo pa bokosi la Description umalemba nthawi kenako dzina, chilichonse pa mzere wake. Koma pali malamulo atatu ndipo ukaphonya limodzi machaputala satuluka: nthawi yoyamba ikhale 0:00, nthawizo zikhale zosachepera zitatu komanso zotsatana bwino kuchokera yaing'ono kupita yaikulu, ndipo chaputala chilichonse chisachepere masekondi 10. Chomwe chimasokoneza anthu nchakuti ngakhale walakwitsa, manambalawo amaonekabe abuluu ndipo ukadina amakulumphitsa ndithu, ndiye umaganiza zatheka. Usayang'ane manambala, yang'ana mzere wa vidiyo. Ngati sunaduke, kasakesake penapake, nthawi zambiri ndi 0:00 yomwe palibe, kapena moni wa poyamba uli ndi masekondi 6 okha.

Manje nkhani yeniyeni ili pa maina. Aphunzitsi ankafuna tilembe Question 1, Question 2 mpaka kumapeto, monga zilili pa pepala. Ndinawauza kuti aphunzitsi, mwana amene ali ndi pepalalo m'manja zimuthandiza, koma amene akusaka pa foni salemba zimenezo, amalemba dzina la chinthu chomwe chamukanika. Tinalemba chonchi, m'Chingerezi poti mayeso ali m'Chingerezi ndipo ana amasaka ndi mawu omwewo a m'kalasi:

```
0:00 Intro
1:20 Q1 Inverse of a 2x2 matrix
9:45 Q2 Venn diagram, three sets
21:10 Q3 Quadratic formula
1:02:30 Q8 Earth geometry
```

Izi nzochepa chabe, mndandanda wonse ndi wautali. Onani kuti nambala ya funso sitinaitaye, yatsala kutsogolo, ndiye tathandiza onse awiri. Onaninso kuti ola likadutsa umayamba kulemba 1:02:30. Maina a machaputalawa amagwira ntchito kawiri: ali mu disikiripushoni pomwe makina osakira amawerenga, komanso Google imatha kuonetsa zigawozi pansi pa vidiyo, zomwe amati key moments, munthu nkudina kufikira pa gawo lakelo. Ndati imatha, chifukwa Google ndi imene imasankha, ndipo machaputala sangakweze vidiyo yomwe anthu sakuikonda. Maina akhale afupi, pa foni dzina lalitali limadulidwa, ndiye mawu ofunika ayambe ndiwo.

Chinanso chimene sindinkachiganizira ndi poika nthawiyo penipeni. Ukaika pa sekondi yomwe aphunzitsi ayamba kulemba pa bolodi, mwana amafika funso litawerengedwa kale, amayamba kubweza bweza, bando ikupita. Ine ndimabwerera masekondi awiri kapena atatu, pomwe akupuma asananene kuti tiyeni ku funso lotsatira. Ndipo ntchitoyi ichitike vidiyo itamalizidwa kudulidwa, chifukwa ukadzachotsa mphindi imodzi pakati pogwiritsa Editor ya mu Studio, nthawi zomwe unalemba pamanja sizisuntha zokha, zonse za kutsogolo zimakhala zolakwika. Umadziwa ukadina Q3 nkupeza aphunzitsi ali kale pakati pa funsolo.

Alipo machaputala odzipanga okha, YouTube imaika ukalola mu Studio, ndipo ako olemba pamanja ndi amene amatsogola akakhalapo. Pa mavidiyo athuwa ine sindiwadalira, aphunzitsi amasakaniza Chinyanja ndi Chingerezi m'chiganizo chimodzi, komanso makina sadziwa mawu omwe mwana wa giredi 12 amalemba akamasaka.

Aphunzitsi anali ndi nkhawa imodzi ndipo ndi yoona: ana akamalumpha, aliyense aonera mphindi zochepa. Inde zitha kutero. Koma mwana amene watsegula vidiyo ya ola osadziwa kuti funso lake lili pati amatuluka msangamsanga, pomwe amene walipeza amadzabweranso mawa kufuna lina. Mu Analytics ya mu Studio muli girafu ya audience retention, yoonetsa kuchuluka kwa anthu omwe akuonera pa nthawi iliyonse ya vidiyo, pomwe yakwera ndi pomwe anthu akulumphira kapena kubwereza. Gawo lomwe lidzakwere kwambiri tagwirizana kuti aphunzitsi adzalipangire vidiyo yakeyake, yofotokoza pang'onopang'ono.