Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo la 9: Ng'ombe za ku Mzimba

M'gawo lapitalo ndidalekezera pamene ine ndi mayi wa ana anga, yemwe pa nthawiyo adali bwenzi chabe, tidagwirizana zodziwitsa makolo. Ine ndine Mchewa wa ku Dowa, ndipo kwathu mnyamata akafuna banja amauza atsibweni ake, iwo n'kukaonana ndi atsibweni a mtsikana, chinkhoswe n'kuchitika, mkamwini n'kukamanga nyumba kuchikazi. Akafuna kutengera mkazi kwawo amapereka chiongo, koma ana amakhalabe a mbumba ya kwa mayi awo. Mnzangayu kwawo ndi ku Mzimba, m'dziko la Inkosi ya Makosi M'mbelwa, kumene mkazi amalowoledwa ndi ng'ombe ndipo ana amawerengedwa kwa bambo.

Iye sadayambire kwa bambo ake, chifukwa mwana wamkazi sangakhale pansi ndi bambo wake n'kumakamba za mwamuna. Adapita kwa azakhali ake, mlongo wa bambo ake, amene kumeneko amawatchula kuti ankhazi. Mayi ameneyu adamufunsa za kwathu, za ntchito yanga, ngati ndidakwatirapo, ndiponso ngati panali pathupi, pakuti pathupi pakakhalapo pamayamba mlandu wolipira kuwononga mwana, zamalowolo zisanakambidwe n'komwe. Mphamvu za azakhaliwa zili ndi gwero lake. Kale ng'ombe zolowolera mwana wamkazi ndi zimene mlongo wake ankakalowolera mkazi, moti azakhali amaona ana a m'nyumba imeneyo ngati obadwa ndi ng'ombe zawo. Apongozi anga aamuna ankatha kukalipira wina aliyense pamudzipo, koma mlongo wawoyo akayankhula ankangoweramitsa mutu.

Atsibweni anga sakadangofika okha. Tidapeza mkulu wina wa m'mudzi woyandikana, wodziwika kubanjalo koma wosakhala mbale wawo, kuti akhale thenga wathu. Patsikulo ife tidakhazikidwa m'nyumba ina chapatali, eni mudzi ali kwawo, thenga n'kumayenda pakati. Ine adandiuziratu kuti ntchito yanga ndi kukhala chete. Choyamba thenga adanyamula kandalama m'mbale yovundikira, kotsekulira pakamwa, chifukwa popanda kameneko akuluakulu amangokamba za mvula ndi mitengo ya feteleza ngati sakudziwa chimene alendo adzera.

Kenaka padachitika chinthu chimene ine ndimachiyesa mutu wa tsiku lonselo, ngakhale anthu amakonda kukumbukira chiwerengero cha ng'ombe. Azakhali adaitana mtsikana, iye n'kugwada pafupi ndi khomo, ndipo adamufunsa pamaso pa onse kuti: “Mwana wanga, alendo abwerawa ukuwadziwa? Tikadya zawo, mawa sudzatichititsa manyazi?” Atavomera, adamuuza kuti atole yekha ndalama m'mbalemo n'kupereka m'manja mwawo. Akadakana kutola, thenga akadabweza mbaleyo ndipo nkhani ikadathera pomwepo. Ndikudziwa kuti alipo atsikana amene amatola chifukwa cha mantha, ndipo n'chifukwa chake azakhali anzeru amafunsa funso lomweli kuseri, usiku, asanalifunse pagulu.

Thenga atabwerera adatiuza kuti akufuna ng'ombe 8, kuwonjezera bulangeti ndi ndalama za mayi wobereka, komanso jekete la bambo. Atsibweni anga, amene moyo wawo wonse adakwatitsa ana ndi nkhuku ndi khasu, adadzuma n'kunena kuti: “Kodi tabwera kudzagula munthu?” Thenga adangomwetulira, n'kutuluka. Ndidamva patapita zaka kuchokera kwa azakhali aja kuti mawu amene adakafikitsa adali akuti: “Ana anu athokoza, koma akuti kwawo makola ndi ang'onoang'ono, muwaganizire.” Apa ndi pamene ndidaona chifukwa chake mabanja awiriwa sakambirana maso ndi maso: mawu opweteka amafera m'njira, ndipo anthu amene adzakhale pamodzi pamaliro ndi pamaukwati kwa moyo wonse sasungirana chimene sadachimve.

Kumbali inayo nakonso kudali kukokana. Bambo aang'ono a mtsikana ankati mwana adaphunzira mpaka kukoleji, choncho ng'ombe zisatsike. Azakhali ndi amene adawayankha kuti sukuluyo adaphunzitsa mwana wawo, osati mwana wa alendo, ndipo kuti mkamwini wolemedwa ndi ngongole amakabwezera mkwiyo wake m'nyumba. Adatsika kufika pa 6. Za mayi wobereka zokha sizidakambidwe n'komwe, ndipo thenga adatichenjeza kuti tisayerekeze kupempha kuti zichepe. Mwambo umenewu ulinso kwina kumene amalowola. Kwa Azulu, kufupi ndi kumene makolo a Angoni adachokera asanawoloke Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835, anthu amatchula ng'ombe 11: khumi, chiwerengero chimene boma la atsamunda ku Natal lidakhazikitsira anthu wamba mu 1869, ndi imodzi ya mayi. Ashona nawo ali ndi ng'ombe ya mayi, ali ndi thenga wawo, ndipo azakhali ndi amene amatsogolera mtsikana.

Chimene chimasokoneza mabanja ambiri masiku ano ndi ng'ombe zosanduka ndalama. Ife tidagwirizana kuti ziwiri zikhale zoyenda ndi miyendo, zazikazi zoti zidzaswane, ndipo zinayi zikhale ndalama. Thenga adaumirira kuti mtengo wa ng'ombe imodzi utchulidwe tsiku lomwelo ndi kulembedwa m'kope, mbali zonse n'kusainira. Mnzanga wina amene adakwatira chakomweko sadalembe, ndipo atapita kukamaliza patadutsa zaka, kwacha itagwa, adauzidwa mtengo wa pamsika wa tsiku limenelo, mkangano n'kubuka chifukwa thenga wawo adali atamwalira. Tidapereka ng'ombe ziwirizo ndi ndalama za imodzi, zotsalazo n'kukhala ngongole. Ine ndidali nditasunga zokwanira zitatu zotsalazo, koma thenga adandiletsa, nati womaliza zonse tsiku limodzi amaoneka ngati akudzitama kapena sakufuna kudzapondanso pakhomopo. Adawonjezera kuti ndisagone nazo tulo, popeza mkazi akamwalira malowolo asanathe, abale ake amatha kukaniza maliro kufikira zotsalazo zitaperekedwa.

Dzuwa litapendeka, atsibweni anga adafunsa funso limene lidawasowetsa mtendere kuyambira ku Dowa, ndipo ili lokha thenga adalinyamula monga lidalili: ana adzakhala a yani, nanga banja likadzatha zidzatani? Yankho lidabwera losabisa. Ana adzakhala a kuchimuna, ndipo banja likadzatha mkazi ali wolakwa ana asanabadwe, ng'ombe zimabwezedwa, koma akabereka sizibwerera zonse, mwinanso osabwerera n'komwe. Atsibweni adakhala chete nthawi yaitali. Kwathu ana anga sakadakhala a mbumba yawo, pakuti iwo amayang'anira ana a alongo awo, ndipo tsopano ankauzidwa kuti ng'ombe zawabweretsera zidzukulu zimene mwambo wathu ulibe pozikhazika, ngakhale munda woti adzalime. Adapempha kuti akuchikazi atchule munthu mmodzi woti akhale nkhoswe monga timachitira kwathu, woti banja likavuta azidzakhala naye pansi. Eni mudzi adatchula azakhali aja, ndipo pamenepo ndi pamene adatiitana kulowa m'nyumba yaikulu, kutipatsa madzi osamba m'manja ndi nsima ya nkhuku.

Nkhani ya munda wa anawo idadzavuta ndithu mwana wathu woyamba atabadwa, ndipo ndidzaifotokoza m'gawo lotsatira.