Kabaza kapena njinga yangayanga? Ndinawerengera kwa sabata imodzi

Ntchito yanga ndi yoyendera magulu a banki m'khonde, ndiye sabata iliyonse ndimakhala pamsana pa kabaza wa njinga yamoto, Jali, Songani, Thondwe, kwinaku timaulendo ta mtauni mu Zomba. Akazi anga akhala akundivutitsa kuti bambo a mwana mungogula yanu, ndalama zikuthera anyamata a pa siteji. Lolemba ndinagula kope la K500 ndikuuza achimwene amene amanditenga aja kuti tizilemba mita ponyamuka ndi pofika.

Pofika Lachisanu madzulo tinali titayenda makilomita 140, ine nditalipira K49,000. Ndiye kuti K350 pa kilomita. Koma timaulendo ta mtauni ndi timene timaluma, makilomita atatu okha K1,500, pomwe ulendo wautali mumanenerera mtengo nkutsika.

Lachitatu ku Jali tikudikira amayi asonkhane, achimwenewo anandiwerengera mbali yawo. Njinga yawo imayenda makilomita 35 pa lita, petulo wa pa pampu nthawi imeneyo anali K2,530, ndiye K72 pa kilomita. Oyilo amasintha pa makilomita 1,000 aliwonse, K10,000, apo K10. Matayala, tcheni ndi sipuloketi, mabuleki, pulagi, tinaziika pa K18 poti fumbi la msewu wadothi limadya tcheni koopsa, anandionetsa mano a sipuloketi atasongoka ngati minga. Zonse K100. Ndinasangalala, mumtima ndagula kale.

Anangoseka. "Bwana, njinga imadya ngakhale ili pakhonde."

Zoonadi. Imene ndikuifuna ndi ya K2,400,000, pakatha zaka zitatu mwina ndingagulitse K900,000, ndiye K1,500,000 yapita, pa sabata ngati K9,600. Kuika inshuwalansi, COF ndi laisensi zikufika K12,000 pa sabata, uyende usayende. Ndikagawa ndi makilomita anga 140 ikubwera K86, kuphatikiza K100 ija K186. Kabaza akadali wodula pafupifupi kawiri, ndipo nzomveka, mu K350 muja muli nsima yake komanso ulendo wobwerera wopanda munthu.

Koma mnzanga wa mu ofesi amene amangochoka ku Matawale kupita mtauni, sabata makilomita 40, ndinamuuza kuti asayerekeze. K12,000 ija kwa iye ndi K300 pa kilomita, zonse K400, kuposa K350 yanga ya kabaza, ndipo ngakhale kabaza wa mtauni atamutchaja K500 pa kilomita, phindu lake ndi K4,000 yokha pa sabata, kugwa kamodzi yatha. Pa mitengo yangayi malire ali pa makilomita 48 pa sabata.

Lachinayi mafuta anasowa, tinagula wa m'chigubu K6,000 lita, petulo yekha K171 pa kilomita, achimwene nawo anandikwezera pompo. Madzulo ake njinga inayamba kutsamwa pokwera ku Chinamwali, petuloyo anali wosakaniza, akakonzetsa kabyuleta ndi ndalama zawo ine ndili kunyumba ndikumwa tiyi. Imeneyo mu kope sindinalembe, sindikudziwa kuti ndiiike mzere uti.