Mini ndi midiyani zasiya kulimbirana mawu amodzi, tsopano kwatsala sitandadi deviyeshoni

Mndandanda wa mawu a sitatisitikisi wa Chingerezi ndi Chichewa umene ndikukonzera ana anga a patitaimu a Fomu 3 ndi Fomu 4 wasuntha ndithu sabata ino. Tsamba loyamba latha, ndipo Loweruka ana anagwiritsa ntchito popanda wondifunsa kuti mini ndi iti, midiyani ndi iti. Amene mwakhala mukuphunzitsa mutu umenewu mukudziwa kuti chimenechi si chinthu chaching'ono.

Chimene chinandidyera masiku ndi mawu oti "pakati". Mukafunsa munthu aliyense wodziwa masamu kuti mini ndi chiyani m'Chichewa, amayankha msangamsanga kuti ndi nambala yapakatikati. Mukamufunsanso za midiyani, amaima kaye, kenako n'kunena kuti ndi nambala yapakati. Pamenepo mwana wapatsidwa dzina limodzi pa zinthu ziwiri zimene mayeso a MSCE amazifunsa padera. Choipa kwambiri n'chakuti zitsanzo zambiri zoyambira zimabisa vutoli. Mukapereka 4, 5, 6, 7, 8, mini ndi 6 ndipo midiyani ndi 6. Mwana amakhoza, inu n'kuchonga, koma m'mutu mwake wasunga zoti ndi chinthu chimodzi chokhala ndi njira ziwiri zowerengera, ina yaitali ina yachidule. Tsiku lamayeso amasankha yachidule.

Choncho ndinaika lamulo loti mawu oti "pakati" apite kwa mmodzi yekha, ndipo oyenera kuwalandira ndi midiyani, chifukwa iye ndiye amakhaladi pakati mukandanda manambala kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Mini sakhala pakati nthawi zonse. Ntchito yake ndi ina: kusonkhanitsa zonse pamodzi n'kugawana mofanana. Ndiye pa danga la Chichewa ndalemba kuti mini ndi gawo lofanana, kutanthauza chimene aliyense angalandire zonse zitaikidwa pamodzi n'kugawidwa popanda wochulukitsa. Midiyani ndalemba kuti ndi podula mzere pakati.

Chitsanzo chimene chinatsegula mitu ndi cha matumba a chimanga amene mabanja asanu akolola: 4, 5, 6, 7 ndi 28. Mukawonkhetsa mupeza 50, mukagawa ndi 5 mupeza 10. Gawo lofanana ndi matumba 10. Ndinawafunsa ana kuti ndi mabanja angati amene afika pa matumba 10, ndipo anawerenga okha n'kupeza kuti ndi limodzi lokha, mabanja anayi onse ali pansi. Nanga nambala imene anthu anayi mwa asanu sanaifikire mungaitche bwanji yapakati? Podula mzere pakati ndi pa 6, mabanja awiri ali kumunsi, awiri kumtunda. Kenako ndinasintha 28 uja kukhala 78. Zonse pamodzi zinakwana 100, gawo lofanana linalumpha kufika 20, koma podula mzere panakhalabe pa 6. Mtsikana wina wokhala kutsogolo anati, "Ndiye kuti mini amakokedwa ndi wolemera, eti aphunzitsi?" Mawu akewo ndawaika pa danga la chenjezo monga momwe anawanenera, chifukwa sindikanatha kuwakonza kuposa pamenepo.

Mwina mukudabwa kuti bwanji sindinangolemba kuti midiyani ndi nambala yapakati pa mzere. Ndinayesa zimenezo pa manambala asanu ndipo zinayenda, koma zimagwa mukafika pa asanu ndi imodzi. Onjezerani banja lina la matumba 10, mzere ukhale 4, 5, 6, 7, 10, 28. Palibenso banja loima pakati. Mpeni umadutsa pakati pa 6 ndi 7, ndipo yankho ndi 6.5, nambala imene palibe banja lililonse lakolola. Mwana amene waloweza kuti midiyani ndi nambala yapakati amafufuza nambalayo m'mzeremo, akaisowa amatola 6 kapena 7 mwachisawawa. Amene waloweza kuti ndi podula amadziwa kuti akufuna malo, ndipo malowo akhoza kugwera pa nambala kapena pa mpata. Mawu oti mzere nawonso ali ndi ntchito: amakumbutsa kuti muyambe mwandanda manambala mwadongosolo, pakuti cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kutola nambala yachitatu pa mndandanda wosasanja monga momwe funso laupereka.

Mizere iwiriyi pa kompyuta ikuoneka chonchi:

```
mean   | gawo lofanana       | =AVERAGE(A1:A5)
median | podula mzere pakati | =MEDIAN(A1:A5)
```

Danga lachitatulo ndi langa loyesera mayankho a zitsanzo ndisanasindikize, ana sadzaliona. Iwo adzaona mawu a Chingerezi monga alembedwera pa pepala la MANEB, katchulidwe kake m'kalembedwe kathu, tanthauzo lalifupi, chitsanzo chimodzi chowerengedwa mpaka kumapeto, ndi chenjezo. Sindikufuna kuchotsa mawu a Chingerezi m'kamwa mwawo, chifukwa mayeso adzalemba m'Chingerezi. Chichewacho chabwera kudzagwiriziza tanthauzo, kuti akaona mawuwo pa pepala adziwe chochita ndi manja.

Modi sanavute, ndi nambala yobwerezedwa kwambiri, basi. Renji ndi mtunda wochokera pa yaing'ono kufika pa yaikulu. Firikwensi ndalemba kuti ndi kangati, ndipo ana aikonda chifukwa ndi funso lomwe amadzifunsa kale akamadzaza tebulo. Avereji ndaipatsa mzere wakewake wokhala ndi chenjezo loti pa msewu ndi pa wailesi anthu akati avereji amatanthauza mini, koma m'buku la masamu mini, midiyani ndi modi zonse zimatchedwa mitundu ya avereji.

Ndipatukeko pang'ono pa za kusindikiza, popeza ena munafunsa kumene ndimasindikizira nditapanga makhadi ophunzirira jiyometiri. Ndikupitabe kwa bambo a fotokope a pafupi ndi depoti, amene amalola kuti ndione tsamba limodzi loyeserera asanatulutse onse. Zimenezi n'zofunika pa mutu uno kuposa pa jiyometiri, chifukwa kamzere kapamwamba pa x̄ ndi kochepa kwambiri ndipo inki ikayamba kutha kamasowa, mini n'kusanduka x wamba. Chizindikiro cha Σ chowonkhetsera ndi cha σ cha sitandadi deviyeshoni nazonso zimasanduka timabokosi fayilo ikatsegulidwa pa kompyuta yopanda zilembo zake, choncho ndimapita nayo ili PDF. Makhadi a jiyometiri ndinawamatitsa pulasitiki ndipo adakalipo mpaka lero, koma awa ndidikira kaye, mawu ake sanakhazikike.

Chimene sichinakhazikike ndi sitandadi deviyeshoni, ndipo apa ndiye pamene mutu waima. Dzina lalifupi ndili nalo: muyeso wa kumwazikana. Limagwira ntchito bwino poyerekeza magulu awiri. Tengani 4, 5, 6, 7, 8 ndi 2, 4, 6, 8, 10. Onse gawo lofanana ndi 6, koma aliyense akuona kuti gulu lachiwiri lamwazikana kwambiri. Vuto lili pa chiganizo chofotokozera. Mnzanga amene timathandizana kalasiyi akufuna tilembe kuti ndi avereji ya kutalikirana kwa nambala iliyonse ndi mini. Chiganizocho n'chokoma m'khutu, ndipo mwana amachimva nthawi yomweyo. Koma tsatirani zimene chikunena pa gulu loyamba lija. Kutalikirana ndi 6 ndi 2, 1, 0, 1, 2. Mukawonkhetsa ndi 6, mukagawa ndi 5 ndi 1.2. Pamene sitandadi deviyeshoni yeniyeni imafuna muchulukitse kutalikirana kulikonse ndi iko komwe, mupeze 4, 1, 0, 1, 4, muwonkhetse kukhala 10, mugawe ndi 5 kukhala 2, amene ndi variyansi, kenako mutenge sikweya ruti, yankho 1.41. Mwana womvera bwino tanthauzo la Chichewalo apeza 1.2 ndipo alakwa mayeso chifukwa chomvera ife. Chimene wawerengacho ndi muyeso wina wokhala ndi dzina lakelake, mini deviyeshoni.

Mnzangayo akuti kusiyana kwake n'kochepa ndipo tanthauzo ndi longothandiza kumva, njira yowerengera adzaiona pa chitsanzo. Ine sindikuvomereza. Pa mini ndi midiyani paja, mphamvu ya matanthauzo athu ndi yakuti ukachita zimene mawuwo akunena, umafika pa yankho lolondola. Mwana akazolowera kukhulupirira tsamba loyamba motero, sitingamupatse tsamba lachiwiri lofuna kuti asalikhulupirire kwenikweni. Pakali pano ndalemba masitepe anayi m'malo mwa chiganizo chimodzi: chotsera mini pa nambala iliyonse, chulukitsa yankho lililonse ndi ilo lomwe, peza gawo lofanana la zotsatirazo, tenga sikweya ruti. Ndaonjezera mzere wofotokoza chifukwa cha sitepe yachiwiri, woti mukangowonkhetsa -2, -1, 0, 1, 2 osachulukitsa mumapeza 0, ndipo zimatero pa gulu lililonse la manambala. Chandisangalatsa n'chakuti gawo lofanana labwereranso pa sitepe yachitatu, moti variyansi yapeza tanthauzo lake mosavuta. Koma masitepe anayi ndi njira, sakuuza mwana kuti 1.41 akutanthauza chiyani pa matumba a chimanga. Chiganizo chachifupi chonena zoona chikusowekabe.

Pali kamsampha kena komwe kapeza malo pa danga la chenjezo. Mukalowetsa 4, 5, 6, 7, 8 mu kakyuleta ya Casio, imakupatsani mayankho awiri. Pa fx-82MS alembedwa xσn ndi xσn-1, pa zatsopano ndi σx ndi sx. Loyamba limagawa 10 uja ndi 5 n'kupereka 1.41, lachiwiri limagawa ndi 4 n'kupereka 1.58. Pa kompyuta ndi chimodzimodzi, `STDEV.P` ndi `STDEV.S`. Kugawa ndi 4, kutanthauza n − 1 pomwe n ndi kuchuluka kwa manambala, ndi kwa pamene manambala anu ndi sampulo yotapidwa pa gulu lalikulu ndipo mukufuna kuyerekeza kumwazikana kwa gulu lonselo. Ana anga amagawa ndi n, choncho chenjezo likuti: pepala likapereka 1.41 koma kakyuleta 1.58, sunalakwe, wadina batani la sampulo. Zimenezi zikundikakamiza kuika populeshoni ndi sampulo pa mndandanda msanga kuposa momwe ndinakonzera, ndipo populeshoni ili ndi vuto lake, chifukwa ana akaimva amaganiza za kalembera wa anthu pomwe ikhoza kukhala matumba onse a m'nkhokwe.

Ndikamaliza zimenezi ndilowa ku makwatailo ndi ma girafu, kenako mutu wonse wa probabilite temu isanathe ngati nthawi ilola. Ndikulingaliranso zojambula mawu a tanthauzo lililonse kuti ana azimvera pa foni za makolo awo, ndi kupeza wina woti awonjezere danga la Chitumbuka ndi la Chiyao. Koma choyamba, amene muli ndi chiganizo chimodzi cha sitandadi deviyeshoni chimene mwana akachitsatira pa 4, 5, 6, 7, 8 chimufikitsa pa 1.41 osati 1.2, ndithandizeni nacho.