Ndinayambira kumathero: avereji yophatikiza ndi avereji yochulukitsa

Sabata ino yonse yathera pa funso limodzi la masamu, ndipo usiku wathawu ndi pamene ndalemba umboni umene ndakhutira nawo.

Nkhani yake ndi iyi. Tengani manambala awiri oposa ziro, a ndi b. Mukawaphatikiza n'kugawa ndi 2, mumapeza avereji imene tonse tinaizolowera. Mukawachulukitsa n'kutenga sikweya ruti, mumapeza avereji ya mtundu wina. Chofunika kutsimikizira n'chakuti yoyambayo singachepere yachiwiriyo:

(a + b)/2 ≥ √(ab)

Lolemba ndinangoyesa ndi manambala. Pa 4 ndi 9 ndinapeza 6.5 ndi 6. Pa 2 ndi 8 ndinapeza 5 ndi 4. Pa 7 ndi 7 zonse zinatuluka 7. Zinandipatsa chikhulupiriro, koma ngakhale nditadzaza kope lonse ndi zitsanzo, umenewo si umboni.

Lachiwiri ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndalemba izi makamaka chifukwa cha cholakwacho. Ndinalemba (a + b)/2 ≥ √(ab) pamwamba pa pepala, n'kuchita sikweya mbali zonse ziwiri, n'kuchulukitsa ndi 4, n'kusamutsa zonse kumanzere, mpaka ndinafika pa (a − b)² ≥ 0. Zimenezi n'zoona nthawi zonse, choncho ndinatseka kope ndili wosangalala. M'mawa mwake nditawerenganso, mtima unandiuza kuti pali chimene sichili bwino. Mzere woyamba unali chinthu chomwecho chimene ndinkafuna kutsimikizira. Ndinachitenga ngati choona ndisanachitsimikizire.

Wina angati palibe vuto, bola wafika pa choonadi. Vuto lilipo, chifukwa bodza nalo likhoza kukufikitsa pa choonadi. Lembani −3 = 3, chitani sikweya mbali zonse, mupeza 9 = 9. Mathero ndi oona, chiyambi n'chabodza. Njira yanga ija ikhoza kupulumuka pokhapokha nditasonyeza kuti sitepe iliyonse ikubwezeka, ndipo pa sitepe ya sikweya zimatheka chifukwa mbali zonse ziwiri n'zoposa ziro. Ine sindinalembe zimenezo paliponse.

Ndiye ndinatembenuza. Poyambira pakhale chinthu chimene palibe angachitsutse: sikweya ya nambala singachepere ziro. Popeza a ndi b ndi oposa ziro, √a ndi √b alipo, ndipo √a × √b = √(ab). Tsono

(√a − √b)² ≥ 0

a − 2√(ab) + b ≥ 0

a + b ≥ 2√(ab)

Kugawa ndi 2 mbali zonse, zatha. Mizere itatu basi.

Chimene chandikomera kwambiri n'chakuti umboniwu ukunenanso kukula kwa mpata. Kusiyana kwa maavereji awiriwa ndi (√a − √b)²/2 ndendende. Pa 4 ndi 9, maruti ake ndi 2 ndi 3, amasiyana ndi 1, sikweya yake ndi 1, theka lake 0.5. Ndi mpata womwe uja wa pakati pa 6.5 ndi 6! Ndipo mpatawu umakhala ziro pokhapokha √a = √b, kutanthauza a = b, monga zinachitikira pa 7 ndi 7. Mbali imeneyi ambiri amaidumpha, koma kwa ine umboni wopanda iyo ndi wosamaliza.

Ndinafunanso kuona chimene chimasokonekera manambala akakhala ochepera ziro. Pa −2 ndi −8, avereji yophatikiza ndi −5, pamene √16 ndi 4. Zagwa. Ndipo umboni ukulephera pa mzere woyamba weniweni, chifukwa √a palibe.

Dzulo madzulo ndinatenga rula ndi kampasi kuti ndizione ndi maso. Ndinajambula mzere wa masentimita 13, n'kuika kadontho pa 4, kutsala 9 mbali inayo. Ndinabaya singano ya kampasi pakatikati, pa 6.5, n'kujambula theka la chozungulira. Kuchokera pa kadontho kaja ndinakweza mzere woongoka tsonga mpaka unakhudza chozunguliracho. Nditayeza, unali masentimita 6, kuphonya pang'ono chabe chifukwa pensulo inali yobuntha. Sizinangochitika mwamwayi: kadonthoko katalikirana ndi pakati ndi 2.5, rediyasi ndi 6.5, ndipo mwa lamulo la Pythagoras 42.25 − 6.25 = 36. Mzere woimawo ndiwo √(ab), rediyasi ndiyo (a + b)/2, ndipo mzerewo sungakwere kuposa rediyasi. Amafanana kadontho kakafika pakatikati penipeni.

Chotsatira ndi manambala atatu. Ndayesa kale kugwiritsa sikweya imodzi ngati pano, sizikutheka. Ndiyamba ndi manambala anayi, chifukwa amenewo ndikhoza kuwagawa awiriawiri n'kugwiritsa zimene ndatsimikizira kalezi, kenako ndibwerere ku atatu.