Nkhani yosatha ndiyo imatilanda tulo

Sabata ino pa maphunziro athu a uphungu tinali pa mutu wa kusowa tulo. Chimene chandikhala m'mutu n'chakuti maganizo ozungulira usiku nthawi zambiri amakhala a nkhani imene sinathe. Mu 1927 katswiri wa za maganizo Bluma Zeigarnik anapeza kuti anthu amakumbukira kwambiri ntchito imene aisiyira panjira kusiyana ndi imene aimaliza. Masana nkhaniyo imaphimbika ndi phokoso la makombi, makasitomala ndi ana. Ukazimitsa nyale imatsala yokha, ndipo palibe chimene ungachitepo, poti ngati ndi nkhani ya lendi, pakati pa usiku sungakagogode kwa mwini nyumba. Mtima umayamba kugunda kwambiri, iwe n'kuona ngati zinthu zavutadi. Kudziuza kuti "ndisaganize" sikuthandiza, chifukwa pofuna kuona ngati wasiya, umaikumbukanso nkhani yomweyo.

Tiyerekeze mayi wogulitsa tomato ku msika wa Mbare Musika ku Harare, lendi yatsala pang'ono, ndalama sizinakwane. Akatha kudya, kudakali maola awiri kuti akagone, akhale pampando, osati pabedi, ndi kope. Adule tsamba pakati. Kumanzere alembe nkhawayo mosabisa: "Lendi yaperewera madola 30." Kumanja alembe chinthu chimodzi chimene achite ndi nthawi yake: "Mawa 10 koloko ndikapempha mwini nyumba kuti otsalawo ndipereke Lachisanu." Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amalemba kuti "ndipeze ndalama", chimene ndi nkhawa yomwe ija. Ngati sunganene kuti uchita liti ndiponso kuti, sunalembe kanthu. Mphindi 15 zikakwana atseke kope. Nkhaniyo ikabwera ali m'bulangete, yankho lake n'lalifupi: yalembedwa, ya mawa 10 koloko.

Ndimaona kuti izi zikufanana ndi zimene agogo a Friendship Bench amachita, ntchito yopereka uphungu pa mabenchi imene dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa kuno ku Harare: kusankha vuto limodzi n'kugwirizana choti munthu akachite.

Zotsalazo n'zosavuta. Tiyi wamasamba ndi khofi zithere masana, popeza theka la kafeini limakhala likadali m'thupi patatha maola pafupifupi 5. Foni igone patali. Pogona, pumani pang'onopang'ono, mpweya wotuluka uzitenga nthawi yaitali kuposa wolowa.

Chimene tinatsutsana kwambiri m'kalasi ndi lamulo la katswiri wa za tulo Richard Bootzin lakuti tulo tikakana kwa mphindi ngati 20, dzuka ukakhale pena mpaka kusinza kubwere, kuti thupi lisazolowere kuti bedi ndi malo odandaulira. Mnzathu wina anafunsa kuti wokhala m'chipinda chimodzi ndi ana, mu Juni kukuzizira, apite kuti? Aphunzitsi anati mpando wa pambali pa bedi ndi bulangete n'zokwanira, bola asayang'ane wotchi.

Kusowa tulo kukapitirira mausiku atatu pa sabata kwa miyezi itatu, kapena munthu akayamba kuganiza zodzipweteka, kope silikwanira. Ameneyo timuperekeze ku kiliniki.