Mmene ndinachotsera "living my best life" pansi pa chithunzi changa cha ku Chembe

Chithunzicho chinali chabwino ndithu. Ndakhala kutsogolo kwa boti ku Chembe, ku Cape Maclear, ndikumwetulira, chilumba cha Thumbi chikuoneka kumbuyo, nyanja ili bata. Nditatsegula Instagram, chala chinalemba chokha "living my best life" mutu usanaganize n'komwe. Ndisanaposite ndinawayesa mawuwo monga ndimayesera kapishoni iliyonse masiku ano: ndimawachotsa pa chithunzi changa n'kuwaika m'maganizo pansi pa chithunzi cha munthu wina. Ndinawaika pansi pa mnzanga ali ku ukwati, anakwana. Pansi pa wina akudya chipisi pachiwaya, anakwananso. Ngakhale pansi pa mphaka wogona pampando akanakwana. Mawu okwana paliponse chonchi sakunena kanthu za tsiku langa, choncho ndinawafufuta onse.

Apa ndi pomwe ambiri timakodwa. Tikafufuta mawu otopetsa timafunafuna ena ofanana nawo. Ine m'mutu munabwera "good vibes only", kenako "blessed", ndiye ndinati mwina vuto ndi Chingelezi, ndilembe m'Chichewa. Ndinalemba kuti "Kunjoya basi", kenako "Ulendo wosaiwalika kunyanja yathu yokongola." Onsewa analephera mayeso omwe aja. Aliyense wopita ku Salima, ku Nkhata Bay kapena ku Mangochi angalembe zomwezo osasintha chilembo. Kusintha chilankhulo sikunathandize chifukwa vuto linali lakuti mawu onsewa akungouza anthu kuti ndikusangalala, chinthu chomwe mano anga pachithunzipo ananena kale.

Ndiye ndinaika foni pansi n'kudzifunsa kuti kwenikweni ndikufuna anthu adziwe chiyani. Funsoli limaoneka lophweka koma limafuna chilungamo, chifukwa "living my best life" amabisa zinthu zosiyanasiyana. Wina amatanthauza kuti wapuma pambuyo pa miyezi yogwira ntchito osapuma. Wina amatanthauza kuti ndalama ya ulendowu waipeza yekha. Winanso, tisanamizane, akulankhula ndi munthu mmodzi yekha amene anamusiya, enafe tangopezekapo. Kwa ine yankho silinali kupuma kapena kudzionetsa. Ndinkanyadira kuti ndinakwera boti ngakhale ndimaopa madzi. Nditazindikira zimenezi ndinadziwa kumene kapishoni iyenera kulowera.

Kenako ndinatsegula Notes n'kulemba zinthu zomwe zinachitika tsikulo koma sizikuoneka pachithunzi. Lamulo lomwe ndimadziikira ndi lakuti chilichonse chikhale chinthu choti munthu angachione, kuchimva, kuchinunkhiza kapena kuchigwira. Mawu ngati "zokoma", "zodabwitsa" ndi "zosaiwalika" saloledwa pamndandandawu. Ndinalemba fungo la usipa woyanikidwa pamathandala m'mphepete mwa nyanja. Ndinalemba woyendetsa boti akuimba likhweru n'kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika mumtengo kudzaiwakha. Ndinalemba timbuna tabuluu tikuzungulira miyendo ya anzanga omwe analowa m'madzi. Pomaliza ndinalemba kuti dzanja langa lamanzere, lomwe silinalowe m'chithunzi, linali litakakamira thabwa la boti ulendo wonse.

Kusankha ndiye kunandichedwetsa. Nkhwazi ndi yomwe inali yokongola kuposa zonse, ndipo mtima unkafuna imeneyo. Koma nkhwazi ya ku Thumbi pafupifupi mlendo aliyense wokwera boti kumeneko amaionetsedwa, ndiponso pachithunzi changa palibe. Munthu akanawerenga za nkhwazi n'kuyamba kuifunafuna kumwamba kwa chithunzi osaipeza. Usipa unali wapamtunda pomwe ine ndili pamadzi. Dzanja lija ndi lomwe linagwirizana ndi yankho langa la mantha, komanso limasintha mmene munthu akuonera chithunzicho: akawerenga amabwereranso kukayang'ana kumwetulira kuja n'kuona kuti n'kwa munthu amene mtima uli m'mwamba. Kapishoni yomwe imabweza maso a munthu ku chithunzi ndimaikonda kuposa yongokongola.

Poyamba ndinalemba motalika: ndinafotokoza kuti kuyambira ndili mwana sindinaphunzire kusambira, kuti anzanga anandikakamiza, kuti woyendetsa boti ankandiseka, kenako n'kufika pa dzanja lija kumapeto. Instagram imalola zilembo zokwana 2,200, choncho malo analipo. Koma munthu akamadutsa amangoona zilembo pafupifupi 125 zoyambirira, zotsalazo zimabisika kuseri kwa "more", ndipo si onse amadina. Mwa njira imeneyi chinthu chabwino kwambiri chikanakhala chobisika, anthu n'kumangowerenga mbiri ya ubwana wanga. Ndinatembenuza, dzanja n'kubwera patsogolo, zina zonse n'kudula. Zinatsala izi:

"Dzanja lomwe simukulionalo lakakamira boti. Sindidziwa kusambira, koma ku Thumbi ndafika."

Sizikufika ngakhale zilembo 100. Ndinaziwerenga mokweza, chifukwa khutu limagwira zomwe diso laphonya. Chomwe ndimamvetsera ndi chakuti kodi mawuwa ndingawanene kwa mchemwali wanga titakhala pakhonde, iye osandiyang'ana modabwa. Akanakhala mawu ngati "kugonjetsa mantha anga" akanandifunsa kuti ndayamba liti kulankhula ngati wapawailesi. Awa ndi mawu omwe ndingamuuze ndithu. Ndinayesanso mayeso oyamba aja: pansi pa chithunzi cha ukwati sakukwana, pa chiwaya cha chipisi sakukwana. Ndinaganiza zoonjezera kaimoji koseka kumapeto koma ndinakasiya, chifukwa nthabwala ukaiikira chizindikiro choti anthu aseke imachepa mphamvu. Mahashitagi ndinawaika pansi patali, atatsika mizere ingapo, kuti asadye malo a zilembo zoyambirira zija.

Ngati mukufuna kudziwa kuti kapishoni yagwira ntchito, musawerenge kuchuluka kwa omwe adina kamtima, chifukwa zimenezo zimadalira kwambiri chithunzi ndi nthawi yomwe mwaposita. Yang'anani makomenti. Pansi pa mawu otopetsa anthu amangoponya timoto ndi timitima, poti mulibe choti ayankhe. Pansi pa iyi anthu analemba ziganizo. Wina anafunsa ngati anatipatsa majekete oyandamitsa, wina anaulula kuti naye anakulira kufupi ndi nyanja koma madzi amalekezera m'maondo, ndipo azakhali anga analemba kuti, "Iwe, amayi ako akudziwa zimenezi?"

Njirayi ili ndi malire ake. Kunena zenizeni kumatanthauza kuulula zinthu, ndiye ndimasamala kuti chinthu chomwe ndikuulula chikhale changa. Mantha a madzi ndi anga, ndingawaseke mmene ndingafunire. Akanakhala mnzanga ndiye ankanjenjemera m'botimo, ndikanayamba ndamufunsa. Dzina la malo ogona ndi tsiku lobwerera sindiika ndikadali komweko, ngakhale zitakometsa bwanji chiganizo. Ndipo pali zithunzi zina zomwe sindilimbana nazo n'komwe. Munthu akatuluka m'chipatala n'kulemba kuti "Mulungu ndi wabwino", mawuwo alembedwa ndi anthu ambirimbiri, koma iye sakufuna kukhala wosiyana ndi ena, akufuna kuthokoza pamodzi nawo. Pa uthenga wa maliro n'chimodzimodzi: "muuse mumtendere" safunika kukonzedwa. Mayeso anga ndimawagwiritsa ntchito pa zithunzi za ulendo, za chakudya, za tsiku lobadwa ndi za zovala zatsopano, komwe cholinga n'choti anthu aone tsiku langa osati la aliyense. Mapositi akale omwe ali ndi mawu otopetsa mungathe kuwakonza podina timadontho titatu ta pamwamba pa positi n'kusankha Edit, chithunzi ndi makomenti zimakhala momwemo.