Mabotolo atatu ndi khola la mbuzi: sabata ya yureya ku Angoniya

Chimanga chikafika m'mawondo kuno ku Angoniya, m'dziko la Mozambique, ife alangizi timakhala ndi uthenga umodzi: yureya azikwiriridwa, asamangosiyidwa pamwamba pa mzere. Uthengawu alimi adaumva kalekale, koma ambiri sautsata, ndipo sindiwada. Kuboola dzenje pa phando lililonse, kuthira, n'kukwirira ndi ntchito yowawitsa msana, tsono munthu sangaigwire chifukwa choti mlangizi wanena basi. Afunika aone chimene akutaya, koma chotayikacho ndi mpweya, chinthu chosaoneka.

Nkhani yake ili motere. M'thumba la yureya la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nayitirojeni, chakudya chobiriwitsa chimanga. Yureya akagwera pa dothi lachinyezi amasungunuka, ndipo m'masiku owerengeka amasanduka amoniya, mpweya wa fungo lolasa m'mphuno. Zikachitikira pansi, dothi limagwira amoniyayo mpaka mizu imupeze. Zikachitikira pamwamba, makamaka kukamatentha, kamphepo kakuwomba, dothi likuyamba kuuma, gawo lina limauluka. Mawu amenewa ndi oona, koma ukawanena choncho pansi pa mtengo anthu amangogwedeza mitu mwaulemu.

Lolemba ndidaperekeza mnzanga wina wachinyamata kumudzi wa kufupi ndi Domwe. Iye adabwera ndi chitsanzo cha petulo, uja amagulitsa m'mabotolo m'mbali mwa msewu kwa anyamata a njinga zamoto. Adati botolo ukalisiya padzuwa losatseka, petulo amachepa yekha, ndipo yureya nayenso ali choncho. Anthu adachimva msanga, ena mpaka kuseka. Kenaka bambo wina adati, "Tamva alangizi. Ndiye kuti tizithira madzulo dzuwa litapepa, kapena mvula ikangokata, pansi pali ponyowa." Anthu adavomereza.

Bamboyo adalondola chitsanzocho bwinobwino, ndipo chidamufikitsa pamalo olakwika. Petulo amauluka yekha chifukwa cha kutentha. Yureya wouma sauluka choncho, mungamuyanike padzuwa. Chimene chimamuyambitsa ndi chinyezi. Motero pamwamba pa dothi lonyowa, pamene bamboyo adasankha, m'pamene pali ngozi yeniyeni mvula ina ikapanda kubwera. Chitsanzo cha petulo chimafanana ndi yureya pa mathero ake okha, kuti chinthu chachepa, koma chimasiyana naye pa chimene chimachititsa. Anthu akachoka pamsonkhano amakagwiritsa ntchito chochititsacho, chifukwa ndicho chimawauza zochita pa tsiku limene mlangizi palibe. N'chifukwa chake ine ndisanagwiritse chitsanzo ndimayamba ndadzifunsa kuti munthu wanzeru akachitsatira mpaka kumapeto, akachita chiyani kumunda.

Madzulo a tsikulo ndili ku Ulongwe ndidadula pakhosi mabotolo atatu apulasitiki. M'loyamba ndidaika supuni ya yureya wouma, popanda dothi. M'lachiwiri ndidaika dothi la m'khonde mwa khola, lachinyezi loti ukalifinya limagwirana koma osadontha, n'kuwaza supuni ya yureya pamwamba. M'botolo lachitatu dothi lomwelo, yureya yemweyo, koma wokwiriridwa masentimita 5 kapena kupitirirapo. Onse ndidawamanga pakamwa ndi pepala lapulasitiki ndi mphira, n'kuwaika pamalo ofunda. Pamafunika masiku awiri kapena atatu. Ukachulutsa yureya, la lokwiriralo nalonso limanunkha ndipo chionetsero chimafa, choncho ndimayamba ndanunkhiza ndekha ndisananyamuke.

Lachiwiri ndi Lachitatu zidapita ndi malipoti ndi kukonzetsa njinga.

Lachinayi tidabwerera kumudzi kuja, anyakwawa atamema anthu. Sindidayambe ndi mabotolo. Ndidafunsa kuti ndani amatsekulira mbuzi m'mawa, ndipo mayi wina adakweza mkono.

"Mayi, mukangotsekula chitseko cha khola, chimakulandirani n'chiyani?"

"Iii, alangizi, fungo lija lolasa m'mphuno, mpaka misozi."

"Nanga mbuzi ikangokodza kumene, pamakhala fungo lotero?"

Adaganiza pang'ono nati ayi, limabwera mkodzo ukagona. Ndidawauza kuti mu mkodzo muli yureya yemweyu timagula ndi mametikali athu, ndipo fungo lolasalo ndi iyeyo akuchoka m'dothi kupita m'mwamba. Apa sindidafanizire kanthu. Chochitika m'khola n'chimodzimodzi ndi chochitika pa mzere, ndipo m'pamene pagona mphamvu ya chitsanzochi.

Kenaka mabotolo adayenda m'manja, nditawachenjeza kuti azikupizira fungo ndi dzanja, asalowetse mphuno. Loyamba, timibulu tili toyera mbee ngati mmene tidalowera, fungo palibe loti munthu n'kutchula. M'botolo lachiwiri timibulu tidali titasowa, pamwamba pangotsala dothi lakuda, ndipo agogo ena atanunkhiza adabweza mutu m'mbuyo, nati, "Khola lenileni ili!" M'botolo lachitatu fungo lidangomveka patalipatali. Botolo loumalo ndidaliikamo dala kuti liphe nkhani ya petulo popanda kumuchititsa manyazi mnzanga: dzuwa lidaliwomba chimodzimodzi, koma yureya ali phee. Dzina loti amoniya ndidalitchula kamodzi kokha, kumapeto, anthu atanunkhiza kale.

Chitsanzo chilichonse chili ndi malire, ndipo ndi bwino kuwanena wekha asanawapeze ena. Bambo wa Lolemba uja ndiye adafunsa: "Nanga ine ndimathira pamwamba chaka chilichonse, bwanji munda wanga sununkha?" Funso labwino zedi. Ndidati khola ndi botolo n'zotseka, fungo limaunjikana, pamene kumunda mphepo imalitenga pang'onopang'ono, choncho kusamva fungo si umboni woti palibe chotayika. Ndidawonjezanso kuti mvula yabwino ikagwa tsiku lomwelo imamulowetsa yureya pansi yokha, n'chifukwa chake chaka china othira pamwamba amapulumuka. Koma kamvula kowaza kamangomusungunula n'kumusiya pamtunda. Za mvula yochuluka imene imatsuka chakudya m'dothi lamchenga sindidazikhudze. Khola silingafotokoze zimenezo, ndipo ukakweza mfundo ziwiri pa chitsanzo chimodzi, anthu amapita kwawo ndi theka la iliyonse.

Tidamalizira m'munda: dzenje ndi kamtengo, lakuya ngati chala, kutalika kwa chikhatho kuchoka pa phesi kuti asawauke, kuthira, kukwirira ndi chidendene.

Lachisanu ndidapita kukaona ngati nkhaniyo idakhazikika. Kufunsa kuti "mudamva?" n'kungotaya nthawi, aliyense amati inde. Ndidapempha mayi wa mbuzi uja kuti afotokozere mlamu wake amene sadabwere, ine ndili chete. Adati yureya akanyowa ali pamtunda amachita za m'khola, fungo lija ndi feteleza amene akuthawa, tsono umuike pansi dothi limutsekere. Chinyezi chidalimo, kukwirira kudalimo, dzina la amoniya lidagwera m'njira ndipo silidasowe. Kenaka adanditembenukira nati, "Ndiye alangizi, manyowa aja timaunjika poyera kuseri kwa khola, nawonso akuthawa?" Zimenezo sindidaphunzitse, koma adalondola. Ndidamuuza kuti muluwo aziukwirira ndi dothi pang'ono kapena udzu, ndipo akaumwaza m'munda asachedwe kuukwirira.

Mlamuyo adadandaula kuti ali yekha, munda ngwaukulu, sangakwanitse kuboola phando lililonse. Tidagwirizana kuti azithira m'mbali mwa mzere pa tsiku lobandira, n'kumakwirira ndi khasu nthawi yomweyo, chigawo chimodzi pa tsiku, osathira munda wonse kuti adzakwirire mkuja.